"Cannot exclude" ndi "likely represents": dokotala wa zithunzi amakhala akunena chiyani?

Pepala la zotsatira za ekisire kapena sikani salembera wodwala. Ndi kalata yochokera kwa dokotala wowerenga zithunzi, amene kuchipatala amamutcha rediyolojisiti, yopita kwa dokotala kapena kilinikala ofisala amene anakutumizani kukajambulitsa. Koma wonyamula envulopu ndi wodwala, ndipo ambiri timaitsegula tisanatuluke n'komwe pa geti. Maso amathamangira pansi, pa gawo lolembedwa kuti Impression, pamene dokotala amaomba mkota wa zimene waona, n'kukapeza dzina la matenda oopsa litakhala pambali pa mawu akuti "cannot exclude". Usiku umenewo tulo sitibwera.

Mawu awiri amene amapezeka kwambiri m'mapepala amenewa, "likely represents" ndi "cannot exclude", amaoneka ngati apachibale chifukwa onse ndi mawu a munthu amene sakufuna kulumbira. Koma ntchito zawo n'zosiyana. Oyambawo amanena za matenda: dokotala waona chinachake ndipo akukuuzani chimene akuganiza kuti ndicho. Achiwiriwo kawirikawiri amanena za makina: chithunzi ichi chafika pamapeto a mphamvu zake, funso lina silingayankhidwe ndi icho. Munthu akasakaniza ziwirizi amachita mantha pamene sayenera, kapena amagona pamene akanayenera kubwerera kuchipatala.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58 amene wakhala akusuta fodya kuyambira ali mnyamata. Wakhala akutsokomola kwa sabata imodzi, thupi likutentha, ndipo akapuma kwambiri akumva kubaya kumbali ya kumanja. Ajambulidwa ekisire ya pachifuwa, ndipo pepala likubwera ndi mizere iyi:

```
Right lower lobe opacity likely represents pneumonia.
Underlying malignancy cannot be excluded.
Recommend follow-up radiograph in 6 weeks.
```

Mzere woyamba ukunena kuti kumunsi kwa papo la kumanja kuli malo oyera pomwe panayenera kukhala pakuda, ndipo dokotala akuganiza kuti ndi chibayo. Wachiwiri ukunena kuti sangatsimikize kuti kuseri kwa chibayocho kulibe khansa. Wachitatu ukupempha ekisire ina pakatha masabata 6. Kuti timve chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake angalembe chonchi, tiyenera kudziwa chimene ekisire imaona.

Ekisire siona matenda. Imangoyeza kuchuluka kwa cheza chimene chatsekeredwa ndi zinthu za m'thupi. Mpweya sutsekereza cheza, choncho umaoneka wakuda. Mafuta a m'thupi amatsekereza pang'ono, mafupa amatsekereza kwambiri n'kuoneka oyera, chitsulo chimayera mbee. Pakati pa mafuta ndi mafupa pali gulu limodzi lalikulu, ndipo vuto lonse lili m'gulu limeneli. Madzi, magazi, mafinya, mnofu ndi chotupa zonse zimatsekereza cheza pafupifupi mofanana. Papo labwino limaoneka lakuda chifukwa ladzaza mpweya. Mpweyawo ukachoka n'kulowamo mafinya, malowo amayera. Akalowamo magazi amayeranso chimodzimodzi, ndipo pakamera chotupa kuyera kwake n'komweko. Zili ngati kuona chithunzithunzi cha munthu pa katani usiku nyali ili kumbuyo kwake: mutha kunena kuti ndi wamtali ndipo wavala chipewa, mwinanso kuganiza kuti ndi uje chifukwa ndi amene amabwera nthawi ngati imeneyo, koma nkhope simunaione.

Nanga "likely represents pneumonia" yachokera kuti? Dokotala waphatikiza zinthu zingapo. Waona maonekedwe a malo oyerawo: alibe m'mphepete mozungulira bwino ngati mpira, atsatira gawo limodzi la papo, ndipo mkati mwake mukuoneka timizere takuda ta njira za mpweya zimene zikadali zotseguka pamene mozungulira mwadzaza mafinya. Wawerenganso kapepala kopempha ekisire, pamene palembedwa kuti wodwala akutentha thupi ndi kutsokomola kwa sabata imodzi. Kenako wakumbukira kuti mwa anthu obwera ndi nkhani yotere ndi chithunzi chotere, ochuluka kwambiri amakhala ndi chibayo. Mawu akuti "likely" akunyamula zonsezi. Akuuza mnzake wa ku wodi kuti: pereka mankhwala a chibayo, ine ndikanakhala iwe ndikanachita chomwecho.

Mzere wachiwiri uli ndi chifukwa chenicheni pa bambo ameneyu. Chotupa chikamera m'njira ya mpweya chimaitseka pang'onopang'ono, makhololo amasonkhana kuseri kwake, tizilombo timaswana, ndipo munthu amadwala chibayo chenicheni. Pa ekisire chimaoneka chibayocho, chotupa chili chobisika m'kati mwa kuyera komweko, popeza zonse zimayera mofanana. Dokotala sanaone khansa. Akanaiona akanalemba mawu ena, monga "suspicious for malignancy", ndipo akanapempha sikani ya CT, imene imaonetsa m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane kuposa ekisire, mwamsanga osati ekisire ya masabata 6. Chimene akunena n'chakuti kwa munthu wa zaka zoposa 50 wosuta fodya, malo amenewa ayenera kuonedwanso mafinya akachoka. Malangizo a bungwe la madokotala a chifuwa ku Britain, British Thoracic Society, amanena zomwezi: ekisire yobwereza patatha masabata pafupifupi 6 kwa amene zizindikiro sizikutha kapena amene ali pa chiopsezo chachikulu cha khansa, makamaka osuta ndi opitirira zaka 50.

Masabata 6 si kuchedwetsa munthu dala. Thupi limachira msanga kuposa chithunzi. Bamboyu atha kusiya kutentha thupi pakatha masiku atatu akumwa mankhwala, koma papo limatenga masabata kuti liyeretse mafinya onse, ndipo kwa okalamba limachedwa kuposa apo. Ekisire yojambulidwa patangotha masiku 10 idzaonetsabe kuyera, aliyense adzachita mantha, ndipo funso lidzakhala lisanayankhidwe. Pakatha masabata 6 yankho limatha kuoneka. Malo aja akada n'kufanana ndi papo linalo, nkhani yatha, chinali chibayo basi, ndipo umu ndi mmene zimathera kwa ambiri. Akakhala oyerabe, kapena akachepa n'kusiya kanthu kozungulira pakati, kapena gawo la papo likaoneka lofota, pamenepo pafunika CT, mwinanso kulowetsa kachubu ka kamera m'njira ya mpweya ndi kutapa kachidutswa kokayeza. Ndipo ngati masabata 6 asanakwane bamboyu wayamba kulavula magazi, akuonda, kapena kutentha thupi sikukusiya atamaliza mankhwala, sadikira tsiku la pa pepala. Amabwerera nthawi yomweyo.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri apa si mantha ayi. Ndi chakuti munthu amachira, amabwerera ku ntchito, ndipo mzere wachitatu uja umaiwalika. Wa ku wodi anaganiza kuti wodwala adzabwera yekha, wodwala anaganiza kuti akanakhala ndi vuto akanamuitana. M'maganizo mwanga, mwa mizere itatu ija wofunika kuujambula ndi foni n'kuusunga ndi wachitatuwo, osati wachiwiri umene umasowetsa tulo.

Kwathu kuno dzina limene limatsatira "cannot exclude" pa ekisire ya pachifuwa nthawi zambiri ndi TB. Chifukwa chake n'chofanana. TB imakonda kumtunda kwa mapapo ndipo nthawi zina imaboola mphako, koma imathanso kuoneka ngati chibayo wamba, makamaka mwa munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika, amene ekisire yake itha kuoneka yabwinobwino TB ilimo. Zipsera za TB yakale imene inachira nazonso zimatsala pa chithunzi moyo wonse, ndipo ekisire imodzi siinganene motsimikiza ngati tizilombo tili moyo. Choncho "active TB cannot be excluded" ndi pempho loti makhololo akayezedwe, monga pa makina a GeneXpert. Kujambula ekisire ina mawa sikungathandize.

Chitsanzo cha bambo uja chikuonetsa mtundu umodzi wa "cannot exclude", pamene dokotala waona chinthu chimene chingabise china. Pali mtundu wachiwiri umene umasokoneza kwambiri, pamene dokotala sanaone chilichonse choipa koma akudziwa kuti makinawo saona matenda amenewo pa nthawi imeneyo. Mnyamata wagwa pa njinga n'kutsamira dzanja, ndipo akumva kuwawa m'munsi mwa chala chachikulu. Ekisire ikuoneka bwino, koma pepala likuti "scaphoid fracture cannot be excluded". Scaphoid ndi kafupa ka pamfundo ya dzanja, ndipo kamatha kuthyoka mng'alu wake osaoneka pa tsiku loyamba, n'kudzaonekera patatha masiku 10 mpaka 14. Kamalandiranso magazi movutikira, moti kakathyoka osamangidwa kamatha osalumikizana. N'chifukwa chake amamanga dzanja ngati lothyoka ndi kujambulanso pambuyo pake, kapena kujambula sikani ya MRI, imene imaona ngakhale mng'alu wobisika, kumene ilipo. N'chimodzimodzi ndi CT ya mutu m'maola oyamba a sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha. CT imaona bwino magazi otayikira mu ubongo, koma ubongo umene wangosowa magazi kumene utha kuoneka wabwino. Agogo amene apuwala mbali imodzi atha kukhala ndi sitiroko ngakhale pepala litati palibe chaoneka.

Pa mtundu umenewu pali nkhani imodzi imene siyenera kugona. Mayi wayezedwa n'kupezeka ndi pakati, akumva kuwawa mbali imodzi ya m'mimba, mwina akutaya magazi pang'ono. Sikani ikuonetsa chiberekero chopanda kanthu, ndipo pepala likuti "ectopic pregnancy cannot be excluded". Mimba yabwino imayamba kuoneka m'chiberekero pa masabata pafupifupi 5 akajambula kudzera kumaliseche, ndipo imachedwerapo akajambulira pamimba. Choncho chiberekero chopanda kanthu chitha kutanthauza mimba yaing'ono imene sinayambe kuoneka, mimba imene yapita padera, kapena mimba imene yakhala m'chubu, kunja kwa chiberekero, imene ndiyo "ectopic pregnancy". Yachitatuyi ikaphulika mayi atha kutaya magazi m'kati mpaka kufa. Madokotala amayeza mlingo wa hCG, homoni imene thupi limapanga munthu akakhala ndi pakati, m'magazi, kubwereza pakatha maola 48, ndi kujambulanso. Mayi akamva chizungulire, akakomoka, ululu ukakula kapena akamva kuwawa pansonga pa phewa, ndi nkhani ya kuchipatala usiku womwewo. Mawu ake ndi omwe aja analembedwa pa pepala la bambo wa chibayo, koma uyu alibe masabata 6. Kufulumira kwa nkhani sikuli m'mawu akuti "cannot exclude". Kuli m'matenda amene atchulidwa pambuyo pake, ndi mmene matendawo amathamangira.

Tsopano funso limene aliyense amafunsa: kodi "likely" ndi zingati pa 100? Palibe lamulo limodzi la dziko lonse. Kafukufuku wofunsa madokotala owerenga zithunzi ndi madokotala olandira mapepalawo wakhala akuonetsa kuti mawu amodzimodzi amamveka mosiyana, makamaka mawu a pakatikati monga "possibly" ndi "suspicious for". Zipatala zina zinayesa kukonza zimenezi. Chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York chinagwirizana za mawu oti madokotala ake onse azigwiritsa ntchito, ndipo David Panicek ndi Hedvig Hricak anawafotokoza m'chaka cha 2016. Kumeneko "consistent with" amatanthauza kutsimikiza koposa 90 pa 100, "suspicious for" kapena "probable" ndi pafupifupi 75, "possible" ndi pafupifupi 50, "less likely" ndi pafupifupi 25, ndipo "unlikely" ndi kuchepera 10. Manambalawa ndi a chipatala chimenecho, musawatengere pa pepala lochokera kwina ngati lamulo. Koma amathandiza kuona zinthu ziwiri. Choyamba, ngakhale 75 pa 100 imatanthauza kuti mmodzi mwa anthu anayi yankho lake lidzakhala lina, ndipo dokotala amene anati "probable" sananame zikatero. Chachiwiri, pa mndandandawo palibe "cannot exclude". Mawuwa alibe nambala. Atha kuimira mwayi wa 1 pa 1,000 kapena 30 pa 100, ndipo n'chifukwa chake madokotala ambiri ophunzitsa anzawo amadana nawo.

Kumene nambala zinakhazikika bwino ndi pa zithunzi za mabere. Dongosolo la BI-RADS limapereka nambala pa pepala lililonse. Gawo 3 limatanthauza kuti mwayi wa khansa sukupitirira 2 pa 100, ndipo chofunika ndi kujambulanso pakatha miyezi 6. Gawo 5 limatanthauza 95 pa 100 kapena kuposa. Gawo 4 lili pakati, kuchokera pamwamba pa 2 mpaka pansi pa 95, ndipo limafuna kutapa kachidutswa. Taonani kutalika kwa gawo 4: mayi amene mwayi wake ndi 5 pa 100 ndi amene mwayi wake ndi 80 pa 100 onse amauzidwa kuti akatapidwe, n'chifukwa chake gawoli amaligawanso kukhala 4A, 4B ndi 4C. Kupemphedwa kuyezedwa kwina sikutanthauza kuti dokotala akuganiza kuti matendawo alipo. Nthawi zambiri kumatanthauza kuti matendawo ndi oopsa moti ngakhale mwayi wochepa suyenera kusiyidwa.

"Likely" nayonso ili ndi malire ake, ndipo malirewo ali pa zimene dokotala wa zithunzi anauzidwa. Iyeyu nthawi zambiri sanakuoneni. Ali ndi chithunzi ndi mzere umodzi kapena iwiri ya pa kapepala kopempha. Tiyerekeze sikani ya pamimba yapeza kachotupa ka masentimita 2 m'chiwindi, kowala, ka m'mphepete mooneka bwino. Pepala likuti "likely represents a haemangioma", kutanthauza kamulu ka timitsempha ta magazi kamene si khansa ndipo anthu ambiri amakhala nako osadziwa. Kwa mayi wa zaka 35 amene chiwindi chake n'chabwino ndipo sanadwalepo khansa, mawuwa ndi olimba, ndipo kawirikawiri palibe china chochita. Kwa bambo amene ali ndi kachilombo ka hepataitisi B kapena chiwindi chouma, kachotupa kooneka chimodzimodzi katha kukhala khansa yoyamba kumene, ndipo kafunika CT kapena MRI yobaya mankhwala oonetsa mitsempha. Ngati kapepala kopempha sikananene za hepataitisi, "likely" ija inalembedwera munthu wina amene si inu. Ndiye mukaona pa gawo la Clinical history, pamene pamalembedwa mbiri ya kudwala kwanu, kuti zalembedwa n'zoperewera kapena zolakwika, muuzeni dokotala wanu. Mawu akuti "clinical correlation recommended", amene anthu amawaseka kuti ndi othawira, tanthauzo lake lenileni ndi limeneli: ine ndaona chithunzi, iwe waona munthu, phatikiza.

Sindikana kuti ena amalemba "cannot exclude" pofuna kudziteteza. M'mayiko amene madokotala amasumiridwa kawirikawiri, ena amaika mawuwa paliponse kuti tsiku lina adzanene kuti ndinatchula. Kwa munthu wotere palibe matenda amene angatsimikize kuti kulibe, popeza palibe makina amene amaona zonse. Zotsatira zake ndi sikani zosafunika, ndalama, cheza choonjezera ndi nkhawa. Njira yosiyanitsira ndi kuona zimene zazungulira mawuwo. "Cannot exclude" wabwino amabwera ndi chifukwa ndi njira: apendikisi sinaoneke chifukwa cha mpweya wa m'matumbo, wodwala anagwedezeka pojambula, sanabayidwe mankhwala oonetsa mitsempha chifukwa impso zake n'zofooka, kanthuko n'kakang'ono moti sikangadziwike mtundu wake. Kenako amanena choti chichitike ndi nthawi yake. Wodziteteza amangotchula matenda atatu kapena anayi motsatizana, opanda chifukwa, opanda pempho. Pepala lotere si chifukwa choti mulinyalanyaze nokha, koma dokotala wanu ali ndi ufulu woimbira wolembayo n'kumufunsa kuti: mukuganiza kuti mwayi wake ndi wotani, ndipo mukanakhala inu mukanachita chiyani? Pa foni ambiri amayankha momasuka kuposa mmene analembera.

Mawu akuti "no evidence of", kutanthauza kuti palibe chizindikiro chaoneka, ndi "no definite", kutanthauza kuti palibe chaoneka motsimikizika, amafunanso kuwerengedwa mosamala, koma mbali inayo. Amasangalatsa, ndipo nthawi zambiri ndi nkhani yabwinodi. Komabe mphamvu yake imadalira makina. "No evidence of" kachotupa ka m'mapapo pa CT ndi mawu olemera, chifukwa CT imaona tinthu ta mamilimita ochepa. Mawu omwewo pa ekisire ndi opepukirapo, chifukwa kachotupa kochepera sentimita imodzi, kapena kobisala kuseri kwa mtima ndi nthiti, kamaphonyeka mosavuta. "No definite fracture" imasiya khomo lotsegula pang'ono kuposa "no fracture": dokotala mwina waona kamzere kamene sakukhutira nako.

Bambo wa chibayo uja akakhala pansi ndi dokotala wake, sayenera kufunsa kuti "ndili ndi khansa kapena ayi?", chifukwa lero palibe angamuyankhe ndipo adzatuluka ndi mantha omwe analowa nawo. Mafunso amene ali ndi mayankho ndi awa: "Adokotala, kodi chotupa achiona, kapena akungoti ekisire siingachione chitakhalapo? Chingatiuze zoona ndi chiyani, ndipo ndibwere tsiku liti? Nanga ndikaona chiyani ndisadikire tsikulo?" Tsikulo lilembedwe m'buku la kuchipatala iye akuona. Ndipo pobwera adzanyamule ekisire yoyamba ija, kaya ndi filimu, kaya ndi CD, kaya ndi chithunzi chosungidwa pa kompyuta ya chipatala. Popanda yakaleyo wowerenga yatsopano sangadziwe ngati malo oyera achepa, akula kapena ali chimodzimodzi, ndipo adzakakamizika kulembanso "cannot exclude" kachiwiri.